Kupweteka kwa kakolo: mwabinya kapena fupa lathyoka?

Mukaponda molakwika phazi n'kupindikira mkati, kakolo amatupa ndi kupweteka. Kawirikawiri chimene chavulala ndi minyewa yolumikiza mafupa, ndipo uku ndiye kubinya. Kutupa pakokha sikusiyanitsa kubinya ndi kuthyoka. Ekisire imaonetsa mafupa, koma sionetsa minyewa yong'ambika. N'chifukwa chake dokotala amayamba wakupimani asanakutumizeni kokajambulitsa.

Njira imene amatsata inakonzedwa ndi madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, m'chaka cha 1992. Ili ndi mbali ziwiri.

Mbali yoyamba ndi kuyenda. Dokotala adzakufunsani ngati munatha kuponda mutangovulala, kenako adzakupemphani kuti muyende mapazi anayi. Ngakhale muyende motsimphina, mwayendabe. Koma ngati munalephera panthawi yovulalayo ndipo mukulepheranso kuchipatala, muyenera kujambulidwa.

Mbali yachiwiri ndi kudina pafupa. Kakolo ali ndi mfundo ziwiri za fupa, yakunja ndi yamkati. Dokotala amadina nsonga ya mfundo iliyonse ndi m'mphepete mwake chakumbuyo, kukwera masentimita 6. Ngati ululu uli pakati pa phazi, amadinanso malo awiri: kafupa kotumphuka m'mbali yakunja ya phazi, pamzere wa chala chaching'ono, ndi kafupa ka mbali yamkati, kutsogolo pang'ono kwa kakolo. Ululu wa pafupa penipeni pa amodzi mwa malowa umafuna ekisire.

Tiyerekeze kuti mwaponda m'dzenje, mwabwerera kunyumba motsimphina, ndipo kakolo watupa chakunja. Dokotala akadina pamnofu, kutsogolo ndi kunsi kwa mfundo, mukumva ululu, koma kumbuyo kwa fupa simukumva. Zikatero n'zosakayikitsa kwenikweni kuti mwabinya, ndipo kujambula sikungasinthe chithandizo. Ululuwo ukanakhala pansonga ya fupa, akanakujambulani ngakhale mukuyenda, chifukwa ena amayenda fupa litathyoka.

Njirayi siodalirika kwa munthu woledzera, wovulala m'mutu kapena penanso pathupi, kwa amene mapazi ake amachita dzanzi, monga ena odwala matenda a shuga, ndiponso kwa mwana wamng'ono wosatha kuloza pamene pakupweteka. Ngati zimenezi zikukukhudzani, uzani dokotala.

Pitani kuchipatala mwamsanga ngati phazi lakhota, fupa likuoneka pabala, kapena zala zazizira, zasintha mtundu kapena zachita dzanzi. Musalole munthu kulikoka kapena kuliwongola.

Akakuuzani kuti mwabinya, gonekani mwendo pamalo okwera, mangani bandeji mosathinitsa, ndipo ikanipo madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Yambani kuponda pang'onopang'ono ululu ukamachepa. Ngati papita masiku 5 mpaka 7 musanathe kuponda, kapena ululu sukuchepa, bwererani kuti akakupimeninso.