Mayina a Ufumu ku Mkaika

Ku Mkaika, m'boma la Katete, munthu akalongedwa ufumu wa Achewa dzina lake lobadwa nalo limaphimbika ndi dzina la mpando, Kalonga Gawa Undi. Wofufuza mbiri akapeza dzinali m'kalata ya 1964 ndi m'nyuzipepala yonena za Kulamba wa 2010, angaganize kuti ndi munthu mmodzi, chonsecho woyambayo ndi Gawa Undi X, Chivunga, amene anamwalira mu 2004, ndipo winayo ndi Gawa Undi XI. Ena amati nambala ya mfumu imathetsa chisokonezochi, koma zikalata zambiri siziilemba. Mfunda nawonso suthandiza kwenikweni, chifukwa ufumu umatsata kuchikazi ndipo wolowa nthawi zambiri amakhala mwana wa mlongo wake wa mfumu. Chodalirika ndi chaka cha chikalatacho.