Chidule cha Chiganizo: Tsamba Loyamba la Lipoti

Tsamba loyamba la lipoti lopita kwa mkulu wa bungwe limatchedwa chidule, koma dzinali limasocheretsa ophunzira ambiri. Kusukulu, kulemba mwachidule ndi kufupikitsa nkhani motsata momwe yayendera, kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Wolemba akachita chimodzimodzi ndi lipoti, amayamba ndi mbiri ya ntchito ndi njira za kafukufuku, ndipo chimene bwana akufunitsitsa chimabisala m'ndime yomaliza. Dzina loyenera ndi "chidule cha chiganizo", chifukwa tsambali limalembedwa kuti mkulu amange mfundo asanatsegule tsamba lachiwiri.

Tiyerekeze lipoti la masamba 30 lokhudza mijigo 40, ndipo 12 mwa iyo yaleka kutulutsa madzi. Chidule chiyambe ndi pempho lenileni: mkulu avomereze ndalama zokonzera mijigo 9 mvula isanayambe. Chifukwa chake chitsatire: mijigo 9 imeneyi yangotha malabala a m'mapaipi ndi ndodo zopopera, pamene itatu yotsalayo yaphwa ndipo kuikonza n'kutaya ndalama. Kenaka pabwere mtengo wonse, njira ina imene inaganiziridwa monga kukumba mijigo yatsopano, ndi chifukwa choisiyira. Pomaliza patchulidwe tsiku lofunikira yankho ndi chimene chingachitike akazengereza. Zonsezi zikwane tsamba limodzi, ndipo nambala iliyonse ifanane ndi imene ili m'kati mwa lipoti. Mkulu akawerenga n'kufunsa kuti "Tsono mukufuna ndichite chiyani?", chidulecho chalephera.

Liwu lachiwiri lovuta m'lipoti ndi "malangizo". M'Chichewa wolangiza amakhala wamkulu, monga nankungwi kapena mlangizi wa zaulimi, kotero wantchito wamng'ono amachita manyazi kulangiza bwana wake. Mapeto ake amalemba kuti "mwina kungakhale bwino kuganizirako", mawu osanena wochita, mtengo kapena nthawi. Mutu wakuti "Zofunika kuvomereza" umachotsa manthawo. Ulemu umasungika m'mawu monga "mkulu akupemphedwa kuti avomereze", ndipo pempholo limakhalabe lolunjika.

Ena amati ndi bwino kungobwereka dzina la Chingerezi la tsamba loyambali. Kubwereka sikolakwika: "lipoti" ndi "bajeti" zinakhazikika chifukwa pakamwa pa anthu zinalowa mosavuta. Koma dzina lalitali lachilendo silimuuza wophunzira ntchito ya tsambali, pamene mawu a Chichewa amainena poyera.

Gwero la vutoli ndi lakuti kuyambira 1968, pamene Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko la Malawi, Chingerezi ndicho chatsalabe cha m'maofesi. Mawu a ntchito amakhwima akamalembedwa tsiku ndi tsiku. Makhonsolo ndi mabungwe amene malipoti awo amakafika kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko ayenera kumalemba chidule m'Chichewa, pogwiritsa ntchito mitu yofanana nthawi zonse, kuti mawuwa azolowereke.