Nchito yokonza njinga: luso la kuwongola wilo

Pakati pa malonda amene afuna luso kuposa ndalama zoyambila pali nchito yokonza njinga. Mu mzinda wa Chipata ku cigawo ca Kum'mawa, kumene kale kampani ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle, njinga zikali kunyamula anthu, makala, cimanga ndi ndiwo zamasamba kupita kumisika. Wokonza njinga angayambe nchito pansi pa mtengo ali ndi pampu, masipanala ocepa, pulayala, zigamba, guluu, gilisi ndi beseni la madzi. Nthawi zambili mwini njinga ndiye agula cipangizo cimene cawonongeka, ndipo wokonza alandila ndalama ya nchito ya manja ake cabe.

Kumata cubu ndi nchito imene aliyense angaphunzile pa tsiku limodzi. Cimene cisiyanitsa katswili ndi wophunzila ndi kuwongola wilo yopindika, ngakhale kuti cida cake ndi kasipanala kakang'ono ka masipoko kamene kakwana m'thumba la malaya.

Mawilo ambili ali ndi masipoko 36, koma njinga zina zamakedzana zili ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo. Theka la masipoko likokela mkombelo kumanzele ndipo theka lina kumanja. Wilo ikhala yowongoka pamene mbali ziwilizi zikoka mofanana. Sipoko imodzi ikaduka, ya mbali inayo ikoka popanda coipikisa, ndipo mkombelo upendekela komweko.

Mwacitsanzo, mlimi amene wanyamula matumba awili a cimanga a makilogalamu 50 pa kaliyala angafike ndi wilo yakumbuyo imene ikhula mabuleki nthawi iliyonse ikazungulila. Katswili sayamba ndi kumanga masipoko. Coyamba agadamitsa njinga, agwila mkombelo ndi kuugwedeza uku ndi uku. Ukagwedela, vuto lili mu habu, mwina tumipila twacitsulo twatha kapena ekiselo yapindika, ndipo kumanga masipoko sikungathandize kanthu. Habu ikakhala bwino, afinya masipoko awiliawili ndi dzanja kuti apeze yoduka ndi yolefuka. Pa wilo yakumbuyo masipoko akonda kudukila pa khosi, pamene aloŵa mu habu, ndipo ngati yaduka ndi ya mbali ya cheni, giya yakumbuyo iyenela kucotsedwa coyamba kuti yatsopano iloŵe.

Sipoko yatsopano iyenela kukhala yautali wofanana ndi yakale ndipo idutse pakati pa zinzake monga zinazo zidutsila. Akaiika, wokonza azungulitsa wilo atagwilizitsa coko pa felemu pafupi ndi mkombelo, kuti cokoyo ilembe malo opendeka. Ngati mkombelo wapendekela kumanja, amanga masipoko opita kumanzele kwa habu ndi kumasulako pang'ono a kumanja. Apotoza gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulilo pa sipoko iliyonse, pa masipoko awili kapena atatu oyandikana, kenaka azungulitsanso wilo kuti aone. Apa ndi pamene ophunzila ambili alakwitsa: amanga sipoko imodzi mwamphamvu kuti amalize msanga, ndipo mkombelo uloŵa mkati pamalopo. Wilo yotelo ioneka yowongoka m'mbali koma ijowajowa pamseu.

Nchito isanathe, wokonza apapasa mkati mwa mkombelo. Nsonga ya sipoko ikatulukila, aipala ndi fayilo ndi kuphimba mitu yonse ya masipoko ndi lamba wa mphila, amene ambili adula ku cubu yakale. Akaiŵala zimenezi, mwini njinga abwelanso mawa lake ndi tayala yopanda mphepo.

Malo amene cubu yaboola nawonso auza katswili gwelo la vuto. Cibowo ca kunja, kumbali ya mseu, citanthauza munga kapena waya umene mwina ukali m'tayala. Cibowo ca mkati, kumbali ya mkombelo, citanthauza sipoko. Zibowo ziwili zoyandikana zitanthauza kuti tayala inali ndi mphepo yocepa ndipo cubu inapanidwa pamene wilo inagunda mwala kapena dzenje.

Luso limeneli lili ndi malile ake. Mkombelo umene wapindika cifukwa ca ngozi sungawongoke ndi masipoko okha: kuti uoneke wowongoka, ena akhala omangika kwambili pamene ena ali lende, ndipo upindikanso ukangosenza katundu. Cimodzimodzi, wilo imene idula masipoko sabata ndi sabata ionetsa kuti masipoko onse atopa. Zikafika pamenepa, wokonza woona mtima auza mwini njinga kuti agule masipoko atsopano onse, kapena ndi mkombelo womwe, kuti wilo ilukidwenso kuyambila pa habu.