Mkuntho wa chithokomiro: nthenda yobisala mu chikopa cha malungo

Kutentha thupi kukamugwira munthu m'midzi yozungulira nkhalango ya Kuti, kufupi ndi tawuni ya Salima, ganizo loyamba la abale ngakhalenso la achipatala limakhala malungo. Ganizoli silolakwika, pakuti dera la m'mbali mwa nyanja ndi kwawo kwa udzudzu. Komabe ilipo nthenda ina yosowa kwambiri imene imafika ndi zizindikiro zomwezo, monga thupi lotentha ngati mbaula, mtima wothamanga, kusanza ndi kubwebweta, ndipo mankhwala a malungo saikhudza n'komwe. Madokotala amaitchula kuti thayiroidi sitomu, kutanthauza mkuntho wa chithokomiro.

Chithokomiro chimene anthu ambiri amachidziwa ndi chotupa cha pakhosi chobwera kaamba ka kuchepa kwa ayodini m'zakudya. Chotupacho ndi kukula kwa kachiwalo kamene munthu aliyense ali nako kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amalamula liwiro limene thupi limagwirira ntchito: kagundidwe ka mtima, kutentha kwa thupi ndi kagayidwe ka chakudya. Zithokomiro zambiri sizipanga mahomoni opitirira muyeso, choncho si aliyense wotupa pakhosi amene ali pa chiopsezochi. Chiopsezo chili pa iwo amene kachiwaloka kayamba kugwira ntchito mopyola malire, makamaka odwala nthenda ya Graves, imene dokotala wa ku Ireland, Robert Graves, anaifotokoza m'chaka cha 1835. Nthendayi imagwira amayi kuposa abambo.

Munthu wotere amakhala nayo miyezi yambiri akuyenda. Amaonda pamene akudya kwambiri, amatuluka thukuta ngakhale kuli mphepo ya mwera, manja amanjenjemera, tulo sitibwera, ndipo ena maso amatong'oka. Ku Salima, kumene Okutobala ndi Novembala aliyense amadandaula za kutentha, madandaulo ngati amenewa savuta kuwanyalanyaza. Mkuntho umabuka pamene thupi lolemedwa kalelo lakumana ndi mtolo wina: chibayo, malungo, kubereka, opareshoni, ngozi, kapena kusiya mwadzidzidzi mapiritsi a chithokomiro. Zikatero mtima, ubongo ndi chiwindi zimayamba kugonja m'maola ochepa. Kafukufuku wa dziko lonse la Japan amene anasindikizidwa mu 2012 anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa khumi aliwonse anamwalira, ngakhale kuti kumeneko zipangizo za chipatala n'zokwanira. Popanda chithandizo, ambiri sapulumuka.

Kuizindikira

Palibe kuyeza magazi kumene kumanena kuti uwu ndi mkuntho. Zotsatira zimaonetsa TSH yotsika kwambiri ndi T4 kapena T3 yokwera, koma manambala omwewo amapezekanso mwa munthu wa chithokomiro amene akulima kumunda bwinobwino. Kusiyana kwake kumaoneka pa wodwalayo, osati pa pepala. N'chifukwa chake magazi amatengedwa ndithu, koma chithandizo sichidikira zotsatira.

Mu 1993 madokotala awiri a ku America, Henry Burch ndi Leonard Wartofsky, anakonza njira yowerengera mapointi potengera zimene dokotala akuona ndi maso. Kagwiridwe kake kamamveka bwino ndi chitsanzo chongoyerekeza. Mayi wa zaka 34 wa m'mudzi wina kufupi ndi Kuti wakhala akumwa mapiritsi a kabimazolo, koma anamuthera milungu itatu yapitayo ndipo sanapite kukatenga ena. Wayamba kutsokomola, kenako kusanza ndi kutsekula m'mimba, ndipo usiku wachitatu sakuzindikira mwamuna wake. Pofika naye ku chipatala cha boma cha Salima, thupi latentha kufika madigiri 39.6, zimene zimapatsidwa mapointi 25. Mtima ukugunda ka 146 pa mphindi, enanso 25. Kusokonezeka kwa mutu ndi 20, kusanza ndi kutsekula m'mimba ndi 10, ndipo kupezeka kwa chimene chautsa mkuntho ndi 10. Onse pamodzi ndi 90. Mapointi 45 kapena kuposa amaloza ku mkuntho, pamene 25 mpaka 44 amasonyeza kuti uli m'njira.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo m'dera la malungo malirewo ndi aakulu. Munthu wa malungo a mu ubongo, amene chithokomiro chake chili bwinobwino, akhoza kupyola 45 mosavuta. Mapointi amakhala ndi tanthauzo pokhapokha pali umboni wina woti chithokomiro chikugwira ntchito mopyola. Umboniwo umapezeka pogwira khosi, poyang'ana maso, ndi pofunsa abale za kuonda ndi kunjenjemera kwa m'miyezi yapitayo. Buku la kuchipatala la wodwala, limene abale ena amaliiwala pothamanga, lingathe kuthetsa funso lonse ndi mzere umodzi. Chinanso chothandiza ndi mtima: ukathamanga kuposa mmene kutentha kwa thupiko kungachititsire, kapena ukamagunda modumphadumpha, malungo okha sakwanira kufotokoza. Khungu la wodwala wa mkuntho limakhala lofunda ndi lonyowa ndi thukuta.

Kuyeza malungo kumachitika ndithu. Akapezeka, amapatsidwa mankhwala ake, koma kupezeka kwawo sikuchotsa mkuntho, pakuti malungowo akhoza kukhala ndiwo auutsa. Apa ndiye pamene wodwala angatayike: kachipangizo kaonetsa mizere iwiri, jakisoni wa atesuneti wabayidwa, ndipo palibe amene wayang'ana pakhosi.

Chithandizo ndi ndondomeko yake

Choyamba ndi chimene chimachitikira wodwala aliyense wa kayakaya. Mayi uja amapatsidwa mpweya wa okosijeni ngati akubanika, amaikidwa dilipi yobwezera madzi amene wataya, ndipo shuga wa m'magazi amayezedwa chifukwa thupi lothamanga chonchi limamaliza msanga nkhokwe zake. Thupi limaziziritsidwa ndi nsalu zonyowa, chokupizira mphepo ndi panado. Asipulini saloledwa. Mahomoni ambiri a chithokomiro amayenda m'magazi atamangirizidwa ku mapuloteni, ndipo akakhala omangika chonchi savulaza. Asipulini amawamasula, motero amakolezera moto umene akufuna kuuzimitsa. Abale amene anamumwetsa wodwala mapiritsi a mutu ogula pa okala ayenera kunena dzina lake.

Kenako pamabwera mankhwala anayi, ndipo aliyense ali ndi pake pamene amagwira.

Pulopanololo amachepetsa liwiro la mtima ndi kunjenjemera, ndipo pa mlingo waukulu amachepetsanso kusandulika kwa T4 kukhala T3, imene ndi yamphamvu kwambiri pa awiriwa. Mlingo wozolowereka kwa wamkulu ndi mamiligalamu 60 mpaka 80 pa maola anayi kapena asanu ndi limodzi alionse. Mankhwalawa ndi amene amafuna maso akuthwa kuposa onse. Ngati mtima wafooka kale, m'mapapo mwadzaza madzi ndipo kuthamanga kwa magazi kwatsika, pulopanololo angathe kuugwetseratu mtimawo. Kwa wodwala mphumu angathe kutseka chifuwa. Choncho dokotala amamvetsera chifuwa ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi asanapereke, amayamba ndi mlingo wochepa pamene akukayika, ndipo amayezanso pafupipafupi.

Achiwiri ndi oletsa chithokomiro kupanga mahomoni atsopano. Alipo PTU, amene amayambidwa ndi mamiligalamu 500 mpaka 1,000 kenako 250 pa maola anayi alionse, ndiponso kabimazolo, wa mamiligalamu 60 mpaka 80 pa tsiku ogawidwa kangapo. Madokotala ambiri amakonda PTU pa mkuntho chifukwa nayenso amaletsa T4 kusanduka T3, komanso ndiye woyenera kwa mayi amene ali m'miyezi itatu yoyamba ya pakati. Vuto lake n'lakuti amatha kuononga chiwindi, chinthu chofunika kuchiganizira ngati wodwala wafika ndi chikasu. Pamene pali kabimazolo yekha, amaperekedwa iyeyo. Kudikira mankhwala amene palibe n'koopsa kuposa. Onsewa ndi akumwa, ndiye wodwala amene sangameze amawalandira atapera, kudzera pa kapaipi kolowa m'mphuno mpaka m'mimba.

Achitatu ndi ayodini wa madontho, monga wa Lugol, ndipo apa ndi pamene wotchi imalamula. Mankhwala achiwiri aja amaletsa kupanga mahomoni atsopano, koma chithokomiro chimakhala ndi nkhokwe ya opangidwa kale yokwana milungu ingapo. Ayodini wambiri amatseka khomo la nkhokweyo kuti asatulukemo. Koma ayodini yemweyo ndi amene chithokomiro chimagwiritsa ntchito popanga mahomoni. Akaperekedwa poyamba, amakhala ngati chimanga chothiridwa m'chigayo chimene chikulira kale. N'chifukwa chake amaperekedwa patadutsa ola limodzi kapena kuposa kuchokera pamene wodwala walandira PTU kapena kabimazolo. Mayi uja akalandira kabimazolo 10 koloko usiku, madontho asafike pakamwa pake 11 koloko isanakwane, ndipo nthawi zonse ziwiri zilembedwe pa fayilo kuti namwino wolandira ntchito asachite kuganizira.

Achinayi ndi hayidilokotizoni wa mu mtsempha, mamiligalamu 100 pa maola asanu ndi atatu alionse, ndipo ena amayamba ndi 300. Amathandiza kuletsa kupangika kwa T3, komanso amachirikiza thupi pamene mahomoni ake olimbana ndi zovuta atha mphamvu.

Zonsezi sizithetsa nkhani ngati chimene chinautsa mkuntho chasiyidwa. Kwa mayi wa chitsanzo uja, chifuwa chija chiyenera kufufuzidwa, ndipo ngati ndi chibayo alandire mankhwala opha tizilombo usiku womwewo.

Ulendo wa ku Lilongwe

Wodwala mkuntho amafunika kukhala pamene mtima wake ungayang'aniridwe usana ndi usiku. Kwa anthu a ku Salima, chipatala chachikulu chotumizirako odwala ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Ulendo umenewu si chifukwa chochedwetsera mankhwala: milingo yoyamba iperekedwe ambulansi isananyamuke, ndipo kalata yotumizira inene mankhwala amene aperekedwa, mlingo wake ndi ola lake.

Chithandizo chikagwira, kusintha kumaoneka mkati mwa tsiku limodzi mpaka atatu. Thupi limazizira, mtima umatsika, ndipo wodwala amayambanso kuzindikira abale ake. Zikapanda kutero, madokotala amafufuzanso matenda ena obisika, ndipo nthawi zina amalingalira zochotsa chithokomirocho pa opareshoni. Ayodini ndi hayidilokotizoni amasiyidwa patapita masiku ochepa, pakuti mphamvu ya ayodini yotseka nkhokwe imatha pakadutsa milungu iwiri kapena kucheperapo. Kabimazolo ndiye amapitirira pa mlingo wochepa, kawirikawiri kwa miyezi 12 mpaka 18 pa nthenda ya Graves, ndipo wodwala sayenera kudikira kuti botolo lithe asanapite kukatenga ena.

Mapiritsiwa ali ndi chenjezo limodzi limene wodwala ayenera kuuzidwa asanatuluke m'chipatala. Mwa anthu ochepa, kabimazolo ndi PTU amagwetsa chiwerengero cha asilikali oyera a m'magazi, makamaka m'miyezi itatu yoyamba. Chizindikiro chake ndi kutentha thupi pamodzi ndi zilonda zapakhosi kapena m'kamwa. Wodwala akaona zimenezi asamwe mlingo wotsatira, koma apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi buku lake kuti akayezedwe kuchuluka kwa asilikaliwo pamodzi ndi malungo.