Kulinganiza phokoso la gemu ndi mawu a mnzanu m'mahedifoni olumikiza ku padi

Mwa katundu amene abale a ku Joni amatumiza m'makomo a ku Mangochi, Monkey Bay ndi Namwera muli makina a masewero a PlayStation ndi Xbox. Popeza wotchi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa zimaloza ola limodzi, wotumiza ndi wolandira amatha kupangana usiku n'kusewera mpira pa intaneti, uku akucheza. Dandaulo limene limabuka pa macheza otere ndi lodziwika: chigoli chikayandikira, bwalo lonse la m'gemu limafuula, ndipo mawu a achimwene amamira. Munthu amakweza voliyumu, makutu n'kuyamba kuwawa, koma mawuwo osamvekabe.

Chimene chimachitika n'chosavuta kuchimvetsa. Kabowo kolowetsa mahedifoni pa padi, ka mamilimita 3.5, kali ndi njira ziwiri zokha zotulutsira mawu, ya khutu lamanzere ndi ya khutu lamanja. Kalibe njira ya gemu payokha ndi ya macheza payokha. Makina ndiwo amasakaniza zonse ziwiri, kenako n'kutumiza ku padi zitasakanizika kale. Choncho kagudumu ka voliyumu kamene kali pa chingwe cha mahedifoni kamakweza kapena kutsitsa zonse pamodzi. Tiyi akachepa shuga, kudzaza kapu ina kuchokera mu ketulo yomweyo sikumutsekemeretsa. Amene akufuna kuti mnzake amveke ayenera kupita kumene kusakanizako kukuchitikira, ndiko kuti m'menyu ya makina ndi m'menyu ya gemu.

Pamene pali muyezo

Pa PlayStation 4, imene inatuluka mu 2013 ndipo ikadali yofala, choyamba kuona ndi chimene makina akutumiza ku mahedifoni. Mukapanikiza batani la `PS` kwa kanthawi, pamatuluka menyu yachidule. Lowani pa `Sound/Devices`, kenako `Output to Headphones`. Pali zosankha ziwiri. `Chat Audio` imatumiza macheza okha ku mahedifoni, gemu n'kumatulukira pa TV. `All Audio` imatumiza zonse m'makutu. Muyezo weniweni wogawa mphamvu pakati pa ziwirizi suli pamenepo ayi, n'chifukwa chake ambiri amaufunafuna osaupeza. Uli mkati mwa gulu la macheza: `Party`, kenako `Party Settings`, kenako `Adjust Audio Mix`.

Pa PlayStation 5 ya mu 2020 batani la `PS` amangolidina kamodzi, n'kusankha `Sound` pa mzere wam'munsi. Muyezowo ukutchedwa `Voice Chat Balance`, ndipo nthawi yoyenera kuufuna ndi pamene mwalowa kale m'macheza. Pa Xbox, dinani batani la `Xbox`, pitani pa chizindikiro cha sipika, ndipo mupeza `Headset volume`, `Headset chat mixer` ndi `Mic monitoring`. Wachiwiriyo ndiye muyezo wathu. Wachitatu umangokubwezerani mawu anu omwe m'makutu kuti musamakuwe. Mapadi oyambirira a Xbox One analibe kabowoka, kanadzaikidwa mu 2015, kotero amene wagula padi yakaunjika ayang'ane kunsi kwake asanagule mahedifoni.

Chofunika kudziwa pa muyezo umenewu n'chakuti suwonjezera mphamvu. Ukakhala pakati, mbali zonse zili pa mphamvu yake yonse. Mukaukankhira ku macheza, mawu a mnzanu sakwera. Gemu ndiyo imatsika. Mukatero mumaona ngati zonse zazirala, ndipo apa m'pamene voliyumu yaikulu imagwira ntchito yake. Ndondomeko yabwino ndiyo kuyamba ndi muyezo n'kumalizira voliyumu.

Palinso msampha wina. Macheza ali pawiri: a gulu la makina, amene amapitirira ngakhale mutasintha gemu, ndi a mkati mwa gemu, amene amakulumikizani ndi osewera amene mwakumana nawo m'bwalo. Muyezo wa `Adjust Audio Mix` ndi wa gulu la makina. Ngati mukucheza kudzera m'gemu monga Fortnite kapena Call of Duty, voliyumu ya macheza ili m'menyu ya gemuyo. Pa PlayStation 4, `Chat Audio` ya mu `Party Settings` ndiyo imasankha macheza amene mukumva pakati pa awiriwa. Ambiri amene amati muyezo wawo wafa amakhala akukankha wa macheza amene sali m'menemo.

Chitsanzo cha mpira

Tiyerekeze mnyamata wa ku Monkey Bay amene ali ndi PlayStation 4 ndi mahedifoni wamba a foni, akusewera EA Sports FC, gemu imene mpaka 2022 inkatuluka ndi dzina la FIFA. Achimwene ake ali ku Johannesburg. Ndi mwezi wa Okutobala, fani ikuzungulira m'chipinda, ndipo kwa aneba jenereta ikulira chifukwa magetsi a m'dera lawo azima. Achimwene akalankhula pamene mpira uli pakati pa bwalo amamveka, koma ukafika m'bokosi amasowa.

Ayambe waika `All Audio`, muyezo pakati, voliyumu pa theka. Asayese zinthu ali pa menyu, pamene gemu ili chete, pakuti zimene zimamveka bwino pamenepo zimagwa mpira ukayamba. Ayambitse masewero, ndipo apemphe achimwene kuti aziwerenga manambala ndi mawu awo a masiku onse, osakweza.

Asanakhudze muyezo, alowe mu `Game Settings` ya gemuyo, pa `Audio`, atsitse `Commentary Volume`. Apa m'pamene pagona nkhani. Woulutsa mpira wa m'gemu ndi munthu, ndipo mawu ake ali pa mlingo womwewo wa kunjenjemera kwa mpweya umene pali mawu a achimwene, makamaka pakati pa 300 ndi 3,400 pa sekondi, chigawo chimene matelefoni akhala akunyamula kuyambira kale. Khutu limatha kulekanitsa ng'oma ndi munthu wolankhula, koma anthu awiri olankhulira pamodzi pakati pa mutu limawasokoneza. Khamu la m'bwalo nalonso ndi mawu a anthu, kotero `Stadium Ambience Volume` ndiyo yachiwiri kutsitsa. Woulutsa akatsika kufika pansi pa theka, khamu n'kutsika pang'ono, nthawi zambiri achimwene amatulukira poyera, pamene wezulo ndi kugunda kwa mpira zikumvekabe. Kwa ine, woulutsayo angathe kuzimitsidwa ndithu pamene anthu akucheza. Pakatha sabata amakhala akubwereza zomwezomwezo.

Ngati mawu akumirabe pa chigoli, apite ku `Adjust Audio Mix` n'kukankhira ku macheza pang'onopang'ono, sitepe imodzi n'kumvetsera, kufikira manambala a achimwene azimveka onse khamu likufuula. Akafika pamenepo aleke. Kukankha mpaka kumapeto kumapha gemu, ndipo pa masewero ankhondo kumachotsa mapazi a mdani, amene ndiwo chifukwa chovalira mahedifoni. Pomaliza asinthe `Volume Control (Headphones)` kuti zonse zifike pamene akumva bwino.

Voliyumu imeneyi si yoikweza mwachisawawa pofuna kugonjetsa fani ndi jenereta. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angathe kumvera phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, koma likafika pa 90 nthawiyo imatsikira pa maola 4 okha. Padi sikuonetsani madesibelo, koma zizindikiro zilipo: ngati wina akulankhula nanu ali pa mtunda wa mkono umodzi inu osamva, kapena makutu akulira mukavula mahedifoni, mwapyola. M'chipinda chaphokoso, mahedifoni ophimba khutu lonse kapena a timphira tolowa m'khutu amathandiza kuposa kukweza.

Pamene vuto si muyezo

Nthawi zina chilema chili ku Johannesburg. Ngati m'gulu muli anthu atatu, awiri akumveka bwino koma mmodzi ali pansi, kukonza kwanu sikuthandiza, pakuti mukamukweza iyeyo enawo aziboola makutu. Iye atsegule `Adjust Microphone Level` kwake, alankhule akuyang'ana mzere umene ukuyenda, ndipo ayandikitse maikolofoni pambali pa kamwa. PlayStation 5 imalolanso kusintha voliyumu ya munthu mmodzimmodzi m'gulu. Ndipo ngati mukumva gemu kawiri, mnzanuyo ali pa `Chat Audio`, TV yake ikulankhulira m'maikolofoni mwake; atsitse TV kapena asinthire ku `All Audio`.

Mawu odukaduka, onga a loboti, ochedwa kufika, si nkhani ya voliyumu konse. Imeneyo ndi netiweki. Amene amagawira makina intaneti kuchokera pa foni ya TNM kapena Airtel aike foniyo pa windo, ndipo aimitse zimene makina akukopera kumbali.

Chilema chimene chimapusitsa kwambiri ndi cha pini. Pini ya mahedifoni okhala ndi maikolofoni ili ndi timizere itatu, togawa chitsulo m'zigawo zinayi: khutu lamanzere kunsonga, lamanja, waya wobwezera magetsi, ndi maikolofoni kutsinde. Umenewo ndi mpangidwe wa CTIA, umene mapadi a masiku ano amatsatira. Mafoni akale a Nokia ndi Sony Ericsson ankatsatira wa OMTP, umene umasinthanitsa zigawo ziwiri zomalizazo. Waya wobwezera magetsi akapanda kukhudza malo ake, makutu awiri amayamba kuimba kusiyana kwa mbali ziwirizo, ndipo chilichonse chofanana kumanzere ndi kumanja chimafafanizika. Mawu a mnzanu amafika mofanana mbali zonse, a woulutsanso chimodzimodzi, pamene khamu limamwazikana uku ndi uku. Zotsatira zake n'zakuti khamu limamveka ngati lili m'chitini, anthu olankhula n'kuzimiririka, ndipo munthu amatha usiku wonse akukankha muyezo wopanda mlandu.

Pini imene sinalowe yonse imachita zomwezo, ndipo kunyanja izi si zachilendo. Mchenga wa ku Cape Maclear ndi fumbi la chilimwe zimaunjikana pansi pa kabowo mpaka pini imalephera kufika. Kuyesa kwake n'kwapafupi. Kankhani pini mpaka imveke kuti yakhala, ndipo muizungulize pang'ono mnzanu akulankhula. Mawu akamabwera n'kuchoka, zimitsani padi, tokosani m'kabowo mofatsa ndi kamtengo kowuma kotokosera m'mano, osati singano kapena waya. Ngati mawu akukhala bwino pokhapokha mutapanikiza batani loyankhira foni la pa chingwe, mahedifoniwo ndi a OMTP, ndipo afunika kachingwe kosinthira ku CTIA kapena mahedifoni ena.