Wotchi ya Taylor ndi khutu la Mayo pa boma la Dowa ndi Ntchisi

Kalata ikafika ku ofesi ya DC pa boma la Dowa kapena la Ntchisi, imayamba yalembedwa m'kaundula, kudindidwa chidindo ndi kuikidwa m'faelo isanapite kwa woyenera kuyankha. Dongosolo logawa ntchito m'tizigawo chotere linakula kwambiri ndi maganizo a Frederick Taylor, injiniya wa ku Amereka amene anatulutsa buku lake lotchuka mu 1911.

Taylor ankaima ndi wotchi pambali pa wantchito, kuwerenga nthawi ya kachitidwe kalikonse, kuchotsa kosafunika, kenaka kulamula kuti onse azitsata njira imodzi. Pa fakitale ya zitsulo ya Bethlehem, iye ananena kuti munthu amene ankapakira matani 12 ndi theka patsiku anafika pa matani 47. Koma njirayi italowa mu fakitale ya zida ya boma ku Watertown mu 1911, antchito ananyanyala, ndipo mu 1915 nyumba ya malamulo ya dzikolo inaletsa wotchiyo m'malo otero.

Maganizo ena anachokera ku fakitale ya Hawthorne, pafupi ndi Chicago, pakati pa 1924 ndi 1932. Kagulu ka amayi kamene ofufuza ankakafunsa maganizo ndi kukamvera kanawonjezera ntchito. Gulu la abambo 14 linadziikira lokha muyeso wa tsiku, ndipo wopitirira muyesowo ankanyozedwa ndi anzake ngakhale panali ndalama yowonjezera. Potengera kafukufukuyu, Elton Mayo anati wantchito amamvera anzake ndi mmene bwana amamuonera, osati malipiro okha.

Tiyeni tiike ziwirizi pa ntchito yolembetsa chiphaso cha unzika, yomwe kalembera wake wamkulu anachitika mu 2017. Tinene kuti kulemba fomu, kujambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala kumatha mphindi 10. Kuwerengera kwa Taylor kukuti mlembi athandize anthu 48 pa maola 8, ndipo DC adziwiretu kuchuluka kwa alembi ndi makina ofunika. Koma m'mapiri a Ntchisi gogo wosaona bwino sangathe fomu m'mphindi 10, ndipo mvula ikadula msewu anthu amafika masana. Bwana akangoumirira pa 48, alembi amathamangitsa ntchito, maina amalakwika, ziphaso n'kubwerera. Chizindikiro china cha vutoli n'chakuti alembi onse amabweretsa chiwerengero chofanana tsiku lililonse, monga abambo a ku Hawthorne aja.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabweretsa ntchito zambiri ku makhonsolo, choncho funso la kayezedwe ka ntchito lili m'manja mwa mabwana a pa boma. Taylor anatisiyira ndondomeko yolembedwa ndi muyeso, pomwe Mayo anatisiyira msonkhano umene mlembi ndi mesenjala amalankhula bwana n'kumamva. Bwana ayeze ntchito, koma muyesowo aukhazikitse atamva kaye amene akuigwira.