Kuchotsa mayina obwereza

Mawuwa amatanthauza kusiya mzere umodzi wokha pa munthu aliyense pamene kaundula wamulemba kangapo. Tinene kuti wogulitsa feteleza pangongole ku Liwonde wamulemba kasitomala mmodzi katatu mu Excel: mu Januwale ngongole inali K90,000, mu Malichi K40,000, mu Meyi K10,000. Mzere wofunika ndi wa Meyi, chifukwa ndiwo ukusonyeza ngongole yotsala lero.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Remove Duplicates imasunga mzere woyamba kuchokera pamwamba, siyang'ana deti ayi. Choncho yambani mwasanja madeti ndi Sort, musankhe Newest to Oldest. Kenako pochotsapo chongani danga la nambala ya chiphaso cha unzika lokha; mukachonganso danga la deti, palibe chichoke, poti madetiwo ngosiyana. Dzina musalidalire, chifukwa ku Ntaja kapena ku Ulongwe anthu awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi, ndipo wina ngongole yake ingafufutike.

Mukaona Sort ikupereka A to Z, dziwani kuti madetiwo analembedwa ngati mawu wamba. Akonzeni kaye, ndipo musanachotse kalikonse sungani kope la kaundula yense.